Kuchokera pa chithunzi cha paketi kukafika m'kaundula wa mankhwala

Galimoto ikatsitsa makatoni a mankhwala pa chipatala kapena pa famase, wosunga mankhwala amayenera kulemba zinthu zitatu za mtundu uliwonse wa katundu asanauike pa shelefu: dzina la mankhwalawo, nambala ya bachi, ndi tsiku limene adzathe mphamvu. Bachi ndi gulu la mankhwala amene anapangidwa pamodzi ulendo umodzi ku fakitale, ndipo nambala yake ndiyo imatchulidwa pamene wopanga kapena bungwe loyang'anira mankhwala, monga PMRA kuno ku Malawi, lalamula kuti mankhwala ena achotsedwe m'mashelefu. Tsiku lotha mphamvu ndilo limauza wosunga kuti ayambe kutulutsa katoni iti, chifukwa lamulo la m'nyumba yosungira mankhwala ndi lakuti zimene zidzayambe kutha mphamvu ndizo ziyambe kutuluka, ngakhale zitakhala kuti zafika dzulo lomweli. Masiku ano ambiri akufuna kuti ntchito yokopera zilembo zimenezi pa sitoko khadi ichepe, ndipo njira imene imabwera msanga m'maganizo ndi yojambula paketi ndi foni kuti pulogalamu iwerenge yokha n'kulemba m'kaundula wa pa kompyuta.

Njirayi imagwira, koma siigwira mofanana pa zinthu zitatu zija, ndipo chifukwa chake sichili pa kukula kwa zilembo pokha. Pulogalamu ikawerenga dzina molakwika, pali mndandanda wa mayina odziwika woyerekezerapo. Ikawerenga tsiku molakwika, kalendala ndi tsiku lopangira zimatha kuitsutsa. Koma ikawerenga nambala ya bachi molakwika, palibe chilichonse m'nambalamo chimene chingaulule cholakwacho, chifukwa nambala yolakwika imaoneka bwinobwino ngati yolondola. Aliyense wokonza dongosolo lotere ayenera kuyambira pa kusiyana kumeneku.

Chithunzi chenichenicho

Zambiri zimaonongeka pulogalamu isanayambe n'komwe ntchito. Dzina la mankhwala limasindikizidwa pamodzi ndi paketi yonse, ndi zilembo zazikulu, zoyera bwino, pa makina osindikizira makatoni. Bachi ndi masiku zimaikidwa pambuyo pake, pa mzere wopakira mankhwala, chifukwa zimasintha ulendo uliwonse. Nthawi zina zimathiridwa ndi makina opopera timadontho ta inki, moti chilembo chilichonse chimakhala timadontho tosalumikizana. Nthawi zina zimawotchedwa ndi kuwala kwa leza. Nthawi zina zimangodindidwa popanda inki, monga zimakhalira kumapeto kwa chubu cha mafuta odzola kapena m'mphepete mwa sitiripi ya mapiritsi. Choncho zinthu ziwiri zimene n'zovuta kuzitsimikizira ndi zomwezonso zimene zimalembedwa mosaoneka bwino.

Tiwerengere pang'ono. Foni yojambula chithunzi cha mapikiseli 4000 m'lifupi, ikajambula malo okwana masentimita 40 kuti katoni yonse ilowe, imapereka mapikiseli 10 pa milimita iliyonse. Chilembo cha bachi chotalika milimita 1.5 chimakhala ndi mapikiseli 15 okha, pamene malangizo a ML Kit, imene ndi pulogalamu ya Google yowerenga malemba pa foni, amanena kuti chilembo chilichonse chikhale ndi mapikiseli osachepera 16 m'litali ndi m'lifupi. Chithunzi chomwecho chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa kufika pa mapikiseli pafupifupi 1600 kumbali yaitali, ndipo chilembo chija chimatsala ndi mapikiseli 6, amene sakwanira kusiyanitsa 3 ndi 8 ngakhale m'maso mwa munthu. Wojambulayo akanayandikira kuti malo ojambulidwa akhale masentimita 10, chilembocho chikanakhala ndi mapikiseli 60, ndipo ngakhale chitachepetsedwa chikanatsala ndi 24. N'chifukwa chake paketi imodzi imafuna zithunzi ziwiri: china cha nkhope ya paketi pamene pali dzina, china choyandikira kwambiri cha mbali imene pali bachi ndi masiku. Zithunzi ziwirizi ziyenera kumangidwa pamodzi nthawi yomweyo yojambula, chifukwa mbali ya bachi kawirikawiri siinena kuti ndi ya mankhwala ati.

Kuwala nakonso kuli ndi zake. Fulashi ikawomba pa chipepala chonyezimira cha sitiripi imabwerera m'kamera n'kusiya chigamba choyera pamalo penipeni pa zilembo. Zilembo zodindidwa popanda inki zimaoneka chifukwa cha mthunzi wake wokha, moti kuwala kochokera kutsogolo kumazifafaniza, pamene kuwala kochokera chammbali, monga kwa pa zenera kapena kwa tochi yogonekedwa pa tebulo, kumazitulutsa. Pa botolo lozungulira, zilembo za kumapeto kwa mzere zimapindikira kumbuyo, ndipo chilembo chomaliza cha bachi chimatha kusowa osadziwika kuti chasowa, popeza palibe amene akudziwa kuti bachiyo inayenera kukhala ndi zilembo zingati.

Ngati pali kabokosi ka timadontho, muyambire pamenepo

Mapaketi ambiri a masiku ano ali ndi kachizindikiro ka makona anayi, kodzaza timabokosi takuda ndi toyera, kotchedwa GS1 DataMatrix. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya anayamba kukafuna pa mankhwala ambiri olembedwa ndi dokotala kuyambira pa 9 Febuluwale 2019, ndipo kakupezekanso pa katundu wambiri wogulidwa ndi mabungwe akuluakulu a zaumoyo. Kachizindikiroka si bakhodi ya mizeremizere imene imawerengedwa pa tilu m'sitolo. Bakhodi ya mizere ija imanyamula nambala ya mtundu wa katundu yokha, ilibe bachi ndipo ilibe tsiku. DataMatrix imanyamula zonse, ndipo ili ndi masamu odzikonza yokha, moti ikawerengeka imapereka zimene zinaikidwamo ndendende, ikakanika siipereka kanthu. Khalidwe limeneli ndi losiyana kwambiri ndi la pulogalamu yowerenga zilembo, imene imayankhabe ngakhale pamene sikuona bwino.

M'kati mwake muli mzere umodzi wa zilembo wogawidwa ndi manambala otsogolera. Pansi kapena pambali pa kachizindikiroko, mzerewo umasindikizidwa motere kuti munthu awerenge, ndipo chitsanzo ichi ndi chongophunzitsira:

```
(01)09506000134352
(17)270331
(10)0B2107
(21)5531
```

Nambala yotsogolera 01 imatanthauza kuti chotsatira ndi nambala ya mtundu wa katundu, yotchedwa GTIN, ya manambala 14. Nambala 17 imatsogolera tsiku lotha mphamvu, la manambala 6, kuyambira chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, moti 270331 ndi 31 Malichi 2027. Nambala 10 imatsogolera bachi, ndipo 21 imatsogolera nambala ya paketi imodziyo payokha. Onani kuti dzina la mankhwala mulibemo. Limapezeka poyang'ana GTIN pa mndandanda wa katundu umene chipatala kapena famase yasunga, ndipo ngati GTIN imeneyo siili pa mndandanda, munthu ayenera kuilumikiza ndi dzina ulendo woyamba.

Msampha uli pa bachi. GTIN ndi tsiku zili ndi utali wokhazikika, koma bachi imaloledwa kukhala ndi zilembo kuyambira chimodzi mpaka 20, choncho pamafunika chizindikiro chonena pamene yathera. Chizindikirocho ndi chilembo chosaoneka, chimene makina owerengera amachitumiza ngati nambala 29 ya ASCII, mndandanda wa manambala oimira zilembo pa kompyuta, ndipo mikutiramawu ija siikhalamo m'kati mwa kachizindikiroko. Makina ena owerengera, makamaka amene amatumiza zimene awerenga ngati kuti zataipidwa pa kiyibodi, amachitaya chilembo chosaonekachi, ndipo pulogalamu imalandira izi:

```
010950600013435217270331100B2107215531
```

Pulogalamu yolembedwa mwachidule imafufuza 21 woyamba pambuyo pa 10 n'kudula pamenepo. Koma bachi yathu ili ndi 21 m'kati mwake, moti m'kaundula mulowa bachi ya `0B` ndi nambala ya paketi ya `07215531`. Cholakwa chimenechi chimadziwika mosavuta kwa amene akuchiyembekezera: mabachi ena amatuluka aafupi modabwitsa, kapena amatuluka aatali ndipo amasiyana pa paketi iliyonse ya m'katoni imodzi, chifukwa amezamo nambala ya paketi. Mankhwala ake ndi kukonza makina owerengera kuti azitumiza chilembo cholekanitsacho, osati kuphunzitsa pulogalamu kulota pamene bachi yathera. Palinso kena kakang'ono pa tsiku: mapaketi ena ali ndi 00 pamalo pa tsiku, monga 270300, kutanthauza kuti wopanga anangotchula mwezi, ndipo amawerengedwa ngati tsiku lomaliza la mweziwo. Bungwe la GS1, limene limaika malamulo a zizindikirozi, linaletsa kalembedwe kameneka pa mankhwala kuyambira pa 1 Januwale 2025, koma katundu wopangidwa kale akadali m'mashelefu, ndipo pulogalamu imene siidziwa zimenezi imakana tsikulo kapena imalibweza ku tsiku lomaliza la Febuluwale.

Pamene palibe kabokosi: dzina

Mankhwala ambiri amene amafika m'mafamase ndi m'zipatala zing'onozing'ono alibe DataMatrix, kapena ali nayo pa katoni yaikulu pokha, ndipo pamenepa pamatsala kuwerenga zilembo zenizenizo ndi pulogalamu ya mtundu wa OCR, yowerenga malemba pa chithunzi. Yodziwika kwambiri mwa zaulere ndi Tesseract, imene inayambidwa ku kampani ya HP n'kutsegulidwa kwa aliyense mu 2005. Mapulogalamu oterewa amapeza malo amene pali malemba, n'kuwagawa m'mizere, n'kupereka mawu pamodzi ndi malo ake pa chithunzi komanso nambala yosonyeza mmene akudzikhulupirira.

Pa dzina, ntchito si kukopera zimene zalembedwa koma kupeza mzere woyenera pa mndandanda wa katundu. Pulogalamu ikawerenga `Amoxicil1in`, kuyerekeza ndi mndandanda kumaonetsa kuti pali dzina limodzi lokha losiyana nalo ndi chilembo chimodzi, ndipo cholakwacho chimatha pomwepo. Chovuta chenicheni ndi chakuti m'kaundula dzina si liwu limodzi. Ndi liwulo pamodzi ndi mphamvu yake, maonekedwe ake ndi kukula kwa paketi, ndipo zimenezi zimabalalika pa nkhope ya bokosi. Chitsanzo chimene aliyense wogwira ntchito m'chipatala ku Malawi amachidziwa ndi LA, mankhwala a malungo, amene amabwera m'mapaketi a 6x1, 6x2, 6x3 ndi 6x4 malinga ndi kulemera kwa wodwala. Pa mapaketi onse anayiwo mayina a mankhwala ali m'katimo ndi amodzi, mphamvu yake ndi imodzi ya 20 mg ndi 120 mg, koma m'kaundula ndi katundu munayi wosiyana, aliyense ndi khadi lake. Pulogalamu imene yapeza dzina ndi mphamvu n'kukhutira imatha kuthira mapaketi a ana pa mzere wa akuluakulu, ndipo zilembo zonse idzakhala itawerenga molondola. N'chifukwa chake kuyerekeza kololera kusiyana pang'ono kuyenera kugwira pa mawu okha. Pa manambala a mphamvu ndi kukula kwa paketi payenera kukhala kufanana kwathunthu, pakuti 250 ndi 500 si zolakwika za kalembedwe zoti n'kuzikhululukira.

Tsiku ndi mmene limadzitsutsira lokha

Tiyerekeze kuti pa bokosi lopanda DataMatrix pathiridwa mizere itatu ya timadontho:

```
B.No. 0B2107
MFG. 04/2024
EXP. 03/2027
```

Ntchito yoyamba ndi kudziwa tsiku limene ndi lotha mphamvu, popeza masiku alipo awiri. Nthawi zambiri mawu otsogolera monga `B.No.`, `MFG.` ndi `EXP.` amasindikizidwiratu pa bokosi, ndipo manambala amathiridwa pambuyo pake pambali pake. Makina othira akatsetsereka pang'ono, mzere wonse wa manambala umakwera kapena kutsika, moti tsiku lopangira limakhala moyang'anizana ndi `EXP.` Pulogalamu yongotenga chimene chili kumanja kwa liwu imagwa pamenepa, ndipo njira yodalirika ndi kuwerenga masiku onse awiri n'kutenga la kutsogolo ngati lotha mphamvu. Mawu otsogolera nawonso amasiyana ndi kumene katundu wachokera. Pa katundu wopangidwira msika wa ku Mozambique, amene amapezeka m'madera a m'malire, pamalembedwa `Lote`, `Fab.` ndi `Val.`, ndipo miyezi imafupikitsidwa m'Chipwitikizi, moti `OUT` ndi Okutobala, `SET` ndi Sepitembala. Pa majakisoni, magolovesi ndi zipangizo zoyezera magazi nthawi zambiri palibe liwu lililonse koma tizithunzi: kagalasi koyezera nthawi ndi mchenga kutanthauza tsiku lotha ntchito, ndi kafakitale kutanthauza tsiku lopangira.

Pakalembedwa mwezi ndi chaka zokha pambuyo pa `EXP`, mankhwalawo amagwiritsidwa ntchito mpaka tsiku lomaliza la mweziwo, choncho 03/2027 ilowe m'kaundula ngati 31 Malichi 2027. Pakalembedwa manambala atatu monga 03/04/27, palibe pulogalamu imene ingadziwe pa chithunzi chokha ngati ndi 3 Epulo kapena 4 Malichi, chifukwa mayiko ena amayamba ndi tsiku, ena ndi mwezi. Mzere wotere upite kwa munthu, ndipo ngati nayenso alibe pogwira, atenge tsiku loyambirira mwa awiriwo.

Tsopano tione zolakwika za kuwerenga. Pa zilembo za timadontho 7 amasanduka 1 ngati mzere wake wa pamwamba wazilala, ndipo 03/2027 imakhala 03/2021. Cholakwa ichi n'chosavuta kuchigwira, chifukwa tsiku lotha mphamvu silingabwere tsiku lopangira lisanafike. Choopsa ndi china: 3 akasanduka 8 chifukwa timadontho ta kumanzere tamatirirana, timapeza 08/2027. Mwezi wa 8 ulipo, chakacho n'chotheka, ndipo mpata wa pakati pa kupanga ndi kutha mphamvu ukugwabe m'kati mwa zaka ziwiri mpaka zisanu zimene mankhwala ambiri amakhala. Zoyesera zonse wamba zimadutsa, koma kaundula wawonjezera miyezi isanu pa moyo wa mankhwala, ndipo m'miyezi isanu imeneyo adzakhala akuperekedwa kwa odwala atatha mphamvu, pokhapokha wina atayang'ana pa bokosi. Chimene chimagwira cholakwa chotere ndi kusunga, pa mtundu uliwonse wa katundu wa wopanga aliyense, mpata umene mabachi am'mbuyomo akhala akusonyeza. Kuchokera 04/2024 kufika 03/2027 pali miyezi 35, zimene zikugwirizana ndi moyo wa miyezi 36 powerengera ndi mwezi wopangira womwe, monga amachitira opanga ambiri a ku India. Kufika 08/2027 pali miyezi 40, nambala imene siigwirizana ndi mabachi ena a mankhwala omwewo, ndipo mzerewo uyenera kuimitsidwa.

Kuwerengako kumathanso kuwongoleredwa. Kachigawo ka tsiku kakadulidwa pa chithunzi n'kukhala kokha, n'kupakidwa pang'ono kuti timadontho tilumikizane, Tesseract ingauzidwe kuti ndi mzere umodzi ndiponso kuti isayembekezere chilembo china kupatula manambala ndi `/`:

```
tesseract tsiku.png stdout --psm 7 -c tessedit_char_whitelist=0123456789/
```

Lamuloli limathetsa kusokoneza O ndi 0 kapena S ndi 5 pa tsiku, ngakhale silithetsa kusokoneza 3 ndi 8, popeza onse awiri ndi ololedwa.

Bachi, imene ilibe mboni m'kati mwake

Njira yoletsa zilembo ija siingagwire pa bachi, chifukwa bachi imasakaniza manambala ndi zilembo mmene wopanga wafunira. Ilibe utali wogwirizanirana, ilibe tanthauzo loti n'kuliyang'ana pa mndandanda, ndipo ilibe nambala yotsimikizira. Kuti timvetse chimene chikusowa, tione GTIN, imene ili nayo. Nambala yake yomaliza imachokera ku manambala 13 oyambirira, powachulukitsa mosinthanasinthana ndi 3 ndi 1 n'kuwaphatikiza. Pa chitsanzo chathu chija zimakwana 78, ndipo chosowa kuti tifike pa 80 ndi 2, amene ndiye nambala yomaliza. Nambala imodzi ikawerengedwa molakwika masamuwo sagwirizana, ndipo pulogalamu imadziwa nthawi yomweyo. Bachi ilibe chitetezo chotere. `0B2107` ikhoza kuwerengedwa `OB2107` ndi chilembo O, kapena `082107`, kapena `0B2101`, ndipo iliyonse mwa zimenezi ndi bachi yotheka.

Kukula kwa vutoli kumaoneka ndi masamu ochepa. Tiyerekeze kuti pulogalamu imawerenga bwino zilembo 99 pa 100 zilizonse, zimene zikumveka ngati zabwino kwambiri. Kuti bachi ya zilembo 6 ikhale yolondola, zonse zisanu ndi chimodzi ziyenera kulondola, ndipo mwayi wake ndi pafupifupi 94 pa 100. Pa mizere 200 ya katundu wolandiridwa, pafupifupi 12 idzakhala ndi bachi yolakwika, ndipo palibe umodzi umene udzaoneke wokayikitsa. Zotsatira zake zimabwera mochedwa. Tsiku lina kalata ikafika yoti bachi `0B2107` ichotsedwe, wosunga amataipa nambalayo, kompyuta n'kuyankha kuti palibe, pamene makatoni ali pa shelefu pansi pa dzina la `OB2107`. Chizindikiro china chimaoneka msanga kwa amene amayang'ana kaundula wonse: mankhwala amodzi ali ndi mabachi awiri osiyana chilembo chimodzi koma a tsiku lotha mphamvu limodzi. Nthawi zina amakhaladi mabachi awiri otsatizana, monga othera 07 ndi 08, koma kusiyanako kukakhala pa zilembo zofanana maonekedwe, monga 0 ndi O, 8 ndi B, 1 ndi I, 5 ndi S, n'kutheka kwambiri kuti ndi bachi imodzi yowerengedwa pawiri.

Nambala yosonyeza kudzikhulupirira kwa pulogalamu, imene Tesseract imaipereka kuyambira 0 mpaka 100 pa liwu lililonse, imathandiza kutaya zithunzi zoipitsitsa, koma si umboni. Chilembo chimene inki yamatirira n'kukhaladi ngati 8 chimawerengedwa 8 mosakayika konse. Mapulogalamu atsopano amene amaona chithunzi n'kulemba yankho lathunthu amachita bwino kwambiri posiyanitsa dzina, bachi ndi tsiku pa mapaketi osokonekera, koma ali ndi chizolowezi chodzaza malo osaoneka ndi chilembo chooneka choyenera m'malo monena kuti sanaone. Pa dzina chizolowezi chimenechi chimathandiza. Pa bachi ndicho chimene sitikufuna.

Popeza bachi ilibe mboni m'kati mwake, mboni iyenera kuchokera kwina. Yoyamba ndi DataMatrix, ngati ilipo pa katoni yaikulu ngakhale palibe pa timabokosi ta m'kati. Yachiwiri ndi chikalata chobwera ndi katundu, chimene kawirikawiri chimatchula bachi ndi tsiku pa mzere uliwonse; chithunzi ndi chikalata zikagwirizana chilembo ndi chilembo, mzere ukhoza kulowa wokha, ndipo zikasiyana wina ayenera kunyamula bokosi, pokumbukira kuti nthawi zina cholakwa chimakhala cha chikalata. Yachitatu ndi kuwerenga mapaketi awiri kapena atatu a m'katoni imodzi, chifukwa kuzilala kwa inki sikugwera pa chilembo chimodzimodzi nthawi zonse, ndiponso njira imeneyi imaulula katoni yodzazidwa ndi mabachi awiri. Yachinayi, yofooka koma yothandiza, ndi kaumbidwe ka mabachi a wopanga ameneyo: ngati onse am'mbuyomo ali ndi chilembo osati nambala pamalo achiwiri, `082107` ndi yokayikitsa. Kaumbidwe kameneka kagwiritsidwe ntchito poimitsa mzere, osati pousintha mwakachetechete, popeza opanga amasintha kalembedwe osauza aliyense. Mboni zonsezi zikasowa, patsala munthu, ndipo munthuyo asangoonetsedwa yankho la pulogalamu ndi batani lovomereza, chifukwa maso otopa amavomereza chilichonse chooneka bwino. Aonetsedwe kachigawo ka chithunzi kokulitsidwa, ataipe yekha bachiyo, kenako kompyuta iyerekeze ziwirizo.

Pulogalamu iyeneranso kudziwa manambala amene si bachi. Pa mapaketi ochokera ku India pamakhala `Mfg. Lic. No.`, imene ndi nambala ya chilolezo cha fakitale, ndipo pa mankhwala olembetsedwa m'dziko pamakhalanso nambala ya kalembera. Zimenezi sizisintha pa mapaketi onse a mtundu umodzi, choncho ngati bachi ya mankhwala ena ikutuluka yofanana pa katundu wa masiku otha mphamvu osiyana, pulogalamu ikuwerenga malo olakwika. Palinso mabokosi okhala ndi zinthu ziwiri, monga jakisoni wa ufa wobwera ndi kabotolo ka madzi osungunulira, pamene chilichonse chili ndi bachi ndi tsiku lake. M'kaundula mulowe bachi ya pa bokosi lakunja, ndipo ngati masiku asiyana litengedwe loyamba kutha.

Polowa m'kaundula

Zimene zawerengedwa bwino zikhoza kuonongekanso pa khomo lomaliza, makamaka ngati kaundula ndi tsamba la Excel. Excel imayesa kumasulira chilichonse chooneka ngati nambala kapena tsiku. Bachi ya manambala okhaokha monga `082107` imataya ziro woyamba n'kukhala 82107. Bachi ya `24E12` imatengedwa ngati nambala yaikulu ya sayansi. GTIN yathu imataya ziro wake n'kuoneka ngati `9.506E+12`. Tsiku lotaipidwa `03/27` limasanduka 27 Malichi wa chaka chino kapena 1 Malichi 2027, malinga ndi dziko limene kompyutayo inakonzedwera. Zonsezi zimachitikanso potsegula fayilo ya CSV, imene imasunga tebulo ngati malemba wamba, mongodina pawiri, ngakhale fayiloyo itakhala yolondola m'kati mwake. Choncho mizati ya bachi ndi GTIN iikidwe ngati `Text` deta isanalowe, ndipo tsiku lilembedwe lathunthu, kuyambira chaka, monga `2027-03-31`, kalembedwe kamene sikasokonezeka ndipo kamasanjika kokha motsatira nthawi.

Mzere umodzi wa kaundula uziimira katundu mmodzi wa bachi imodzi, ndipo bachi isakhale yokha chizindikiro cha mzere, chifukwa opanga awiri osiyana akhoza kukhala ndi nambala yofanana. Chiwerengero cha katundu sichichokera pa chithunzi. Chimawerengedwa ndi manja, ndipo ngati pulogalamu imawonjezera katundu pa chithunzi chilichonse, bokosi lojambulidwa kawiri chifukwa chithunzi choyamba chinagwedera limawerengedwa kawiri. Pa mzere uliwonse pasungidwe zinthu zinayi kuwonjezera pa dzina, bachi ndi tsiku: chithunzi choyambirira chosachepetsedwa, malemba monga mmene pulogalamu inawawerengera asanakonzedwe, gwero la bachi, kaya DataMatrix, chikalata kapena kutaipa kwa munthu, ndi dzina la amene anatsimikiza. Kalata yochotsa mankhwala ikafika, kufufuza kuchitike kawiri: koyamba ndi nambala yeniyeni, kachiwiri potenga zilembo zofanana maonekedwe ngati chilembo chimodzi, kuti `OB2107` ndi `082107` zituluke pamodzi ndi `0B2107`, ndipo mizere yotuluka pa kufufuza kwachiwiri ikayang'anidwe pa chithunzi chosungidwa ndi pa shelefu.